Akuti unamwino ndi maitanidwe, ndiye ndipirire mpaka pati?

*Ndine namwino komanso mzamba wa dipuloma pa chipatala chaching'ono cha mishoni kumudzi, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Tinali anayi, tatsala awiri. Pa sabata ndikugwira maola pafupifupi 70, ndipo ndalama za lokamu, zolipira mashifiti owonjezera, sizinabwere kwa miyezi isanu. Ndapeza malo a sukulu ya zaka ziwiri yoti ndidzakhale namwino wa rejisitadi, koma ainchaji akuti ndidikire kaye, unamwino ndi maitanidwe, ndikachoka amayi avutika. Bambo akunyumba ali ku Lilongwe ndi ana athu awiri, ndimawaona kamodzi pa mwezi. Ntchitoyi ndimaikonda. Ndipirire mpaka pati?*

Achemwali, ainchaji anu sakunama, koma akulungira zinthu zitatu m'mawu amodzi, ndipo mukapanda kuzimasula mudzalipira zonse ndi mtengo wa chinthu chodula kwambiri. Mu yunifolomu imodzi yomwe mumavalayo muli ntchito yodyera, yomwe mumagulitsa maola anu n'kulandira malipiro. Muli tsogolo lanu la pa ntchito, kutanthauza mapepala, luso ndi giredi zomwe mudzayende nazo mpaka popuma. Mulinso maitanidwe, chija chimakuletsani kusiya mayi akutaya magazi ngakhale nthawi yoweruka itakwana. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi ufulu wokupemphani kuti mudzimane, koma kabwezedwe kake ndi kosiyana, malire akenso ndi osiyana. Choncho munthu akakupemphani kuti mupirire, yambani mwadziwa kuti pempholo lachokera kwa chiti.

Anthu ambiri amaganiza kuti unamwino, uphunzitsi ndi ubusa ndiwo maitanidwe, pomwe ukalaliki ndi ulonda ndi ntchito wamba. Ofufuza anapeza zina. Mu 1997 mayi wina wa ku America, Amy Wrzesniewski, pamodzi ndi anzake, anafunsa anthu ogwira ntchito zosiyanasiyana momwe amaionera ntchito yawo, ndipo anagawika patatu pafupifupi mofanana: ena ankaiona ngati ntchito yodyera, ena ngati tsogolo, ena ngati maitanidwe. Chodabwitsa chinali chakuti ngakhale alembi a mu ofesi, a udindo wofanana pa malo amodzi, anagawikanso patatu chimodzimodzi. Dzina la ntchito silipereka maitanidwe, ndipo bwana sangakulengezereni. Mu 2009 ofufuza ena awiri, Bunderson ndi Thompson, anaona za anthu osamalira nyama m'malo oonetserako nyama ku America ndi ku Canada. Amene ankamva kuti anabadwira ntchitoyo ankaipeza yatanthauzo kwambiri, koma ndi omwewonso ankavomera msanga kutaya ndalama ndi nthawi yawo, ndipo kunali kosavuta kuwadyera masuku pamutu. Ndatchula izi kuti mudziwe kuti chikondi chanu pa ntchitoyi ndi chenicheni, komanso ndi pomwe munthu wofuna kukugwiritsani ntchito mopyola muyeso angakugwireni, ngakhale iye mwini asakudziwa kuti akuchita zimenezo.

Tiyambe ndi maola 70 aja, chifukwa ndi pomwe pasokonekera kwambiri. Mayi akafika usiku mwana atatsogoza dzanja, inu n'kukhala mpaka ambulansi itabwera, amene wakupemphani ndi mayiyo. Koma dzina lanu likamalembedwa pa rosita usiku wachinayi wotsatizana, mwezi ndi mwezi, chifukwa anzanu awiri anachoka ndipo sanalowedwe m'malo, amene akukupemphani ndi olemba ntchito. Choyambacho chimabwera mwadzidzidzi ndipo chimatha. Chachiwiricho chimadziwika sabata isanayambe, chimalembedwa pa pepala, ndipo chili ndi munthu wina mu ofesi amene udindo wake ndi kuchithetsa. Chilichonse chomwe chingalembedwe pa rosita pasadakhale ndi ntchito yodyera, ndipo ntchito yodyera imabweza ndi ndalama ndi masiku opuma basi.

Lamulo la dziko lino la zolembana ntchito, la chaka cha 2000, limaika maola 48 ngati malire a sabata yogwira ntchito. Maola opitirira pamenepo pa tsiku wamba amalipidwa kamodzi ndi theka, pa tsiku lanu lopuma kapena la holide amalipidwa kawiri. Inu mukupitirira ndi maola 22 pa sabata, omwe pa masabata anayi ndi 88. Kunena kwina, mwezi uliwonse mukuwonjezera masabata pafupifupi awiri athunthu pamwamba pa anayi omwe munalembedwera. Tiyerekeze kuti malipiro anu ndi K400,000 pa mwezi (ikanipo anu enieni). Maola 48 pa sabata amakwana pafupifupi 208 pa mwezi, ndiye ola limodzi ndi K1,920 kapena kuposerapo pang'ono. Kamodzi ndi theka ndi pafupifupi K2,880, ndipo maola 88 akukwana pafupifupi K250,000 pa mwezi. Lokamu ili ndi mtengo wakewake pa shifiti, choncho zomwe muzalandire sizidzafanana ndi chiwerengerochi. Ndawerengera kuti muone kukula kwa chomwe mukupereka. Pa miyezi isanu ndi ntchito yoposa miliyoni imodzi, ndipo munthu wopereka chopereka chotere ku tchalitchi dzina lake likanawerengedwa pa guwa.

Kudzimana chifukwa cha ntchito yodyera ndi ngongole, ndipo ngongole imalembedwa. Gulani kope lanulanu. Shifiti iliyonse yowonjezera lembani tsiku, ola lolowa, ola lotuluka, ndipo ainchaji asayinire sabata isanathe. Fomu ya lokamu musanaipereke ijambuleni pa foni. Kenako lembani kalata yaulemu yopita kwa oyendetsa chipatala, kope lina lipite kwa mkulu wa anamwino ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, yotchula miyezi yomwe simunalipidwe ndi kufunsa tsiku lomwe mudzalipidwe. Ngati ndinu membala wa NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, adziwitseni, pakuti nkhani zoterezi ndi zomwe bungwelo linakhazikitsidwira. Zikakanika konseko kuli ofesi ya zantchito ndi khoti loona milandu ya pa ntchito, koma kawirikawiri kalata yokhala ndi masiku ndi ziwerengero imayendetsa zinthu musanafike kutali. Chimene chimaluzitsa anamwino ambiri ndi chakuti akafunsidwa kuti munagwira masiku ati, amayankha kuti "ambiri". Funsaninso za tchuthi chanu cha pachaka. Lamulo lomweli limapereka masiku osachepera 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi 15 kwa ogwira masiku asanu, ndipo pamalo pomwe patsala anthu awiri tchuthi ndicho chimayamba kuzimiririka mwakachetechete.

Mwina mtima ukukutsutsani kuti kuwerengera ndalama pa chipatala cha Mulungu ndi umbombo. Kumbukirani zomwe zinachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino athu akuchoka ambiri kupita ku Britain. Boma ndi othandiza akunja sanayankhe ndi ulaliki. Anakhazikitsa ndondomeko yapadera mu 2004, ndipo kuyambira 2005 anawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zaumoyo, kuphatikizapo a m'zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, n'kuwonjezeranso chiwerengero cha ophunzira m'makoleji. Amene amayendetsa zaumoyo amadziwa bwino kuti vuto la kuchepa kwa anthu limathetsedwa ndi ndalama ndi kulemba ena ntchito. Mukamatseka dzenjelo ndi thupi lanu mosalemba paliponse, ku ofesi kumaoneka ngati anthu awiri akukwanira. Malipoti a mwezi akupita, ana akubadwa, palibe chikulira. Bwanji afulumire kukutumizirani wachitatu?

Pali mfundo ina yomwe anthu a pa mishoni saikonda kuimva, koma ndi yoona. Asisiteri amene analumbira umphawi amadzimana kwambiri, komatu chipani chawo chimawadyetsa, chimawapatsa pogona, chimawalipirira sukulu, chimawasamala akadwala ndi akakalamba, mpaka kuwaika m'manda. Abusa ali ndi nyumba ya mpingo. Kulikonse komwe maitanidwe amatengedwa mozama, gulu lomwe laitana munthuyo limamunyamula moyo wake wonse. Inu munapatsidwa kalata ya ntchito, ndipo fizi ya ana anu mumaisaka nokha. Bungwe silingakufunseni kudzimana kwa sisiteri likukusungani ngati wolembedwa ntchito.

Tsopano za sukulu. Kudzimana chifukwa cha tsogolo lanu kumadziwika ndi zinthu ziwiri: kuli ndi tsiku lothera, ndipo pothera pake mumagwira chinthu chomwe mungachoke nacho. Zaka ziwiri zodya usipa, zogona m'hositelo, ana akukuonani pa holide pokha, zimatha, ndipo pepala ndi kulembedwa mwatsopano ku khonsolo ya anamwino ndi azamba zimakhala zanu kulikonse mungapite. Yerekezani ndi mawu akuti "dikirani kaye". Mudikire mpaka liti? Pamapeto pake mudzagwira chiyani? Ngati yankho ndi lakuti "akadzabwera ena", palibe tsiku pamenepo, ndipo chaka chachisanu ndi chiwiri pa giredi yomweyo sichidzakuphunzitsani chomwe chachisanu ndi chimodzi sichinakuphunzitseni.

Komabe musathamange musanawerengere, chifukwa njira yopitira kusukuluko ndiyo imasintha mtengo. Tipitirize ndi ziwerengero zongoyerekeza zija. Tinene kuti fizi, malo ogona, chakudya ndi maulendo a zaka ziwiri zikukwana K4,000,000, ndipo mukadzakwera giredi malipiro adzakwera ndi K120,000 pa mwezi. Mukapita ndi tchuthi cha sukulu cholipidwa, chomwe mwataya ndi K4,000,000 yokhayo, ndipo idzabwerera pa miyezi pafupifupi 33, zaka zosakwana zitatu. Mukapita mutasiya ntchito, muwonjezerepo malipiro a miyezi 24, omwe ndi K9,600,000, komanso 10 peresenti yomwe olemba ntchito amakuikirani ku penshoni, pafupifupi K960,000. Zonse pamodzi ndi K14,560,000, ndipo kuti zibwerere pafunika zaka khumi. Sukulu ndi yomweyo, pepala ndi lomwelo, koma mtengo wake wachulukitsidwa kupitirira katatu. Ndipo zaka khumizo zikuwerengedwa ngati mwalembedwanso ntchito tsiku lomwe mwamaliza, pomwe tonse tikudziwa anamwino amene anamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo nthawi yaitali akudikira kuti boma lilengeze malo.

Ndiye nkhondo yanu yeniyeni ndi ya tchuthi cha sukulu, ndipo imamenyedwa ndi makalata. Mawu a ainchaji a pakhonde si yankho la olemba ntchito. Lembani pempho, muphatikizepo kalata yokuitanani ku sukulu, ndipo mupemphe yankho lolembedwa lisanafike tsiku lomwe sukuluyo ikufuna kuti mutsimikize malo. Funsani ngati tchuthicho ndi cholipidwa, cholipidwa theka kapena chosalipidwa. Funsani za bondi, chifukwa tchuthi cholipidwa nthawi zambiri chimabwera ndi pangano loti mudzabwerere kudzagwira zaka zingapo. Werengani kuti ndi zaka zingati, mudzagwirira pa chipatala chomwecho kapena chilichonse cha bungwelo, ndipo mukadzachoka msanga mudzabweza zingati. Kwa inu amene banja lili ku Lilongwe, funso la malo ndi lalikulu kuposa la ndalama: zaka ziwiri za sukulu kuphatikiza zaka ziwiri kapena zitatu za bondi kumudzi komweko ndi zaka zinayi kapena zisanu zinanso banja lili pawiri. Funsaninso ngati pa chipatala chanu pali malo a namwino wa rejisitadi pa mndandanda wa maudindo ovomerezeka. Pepala palokha silikweza munthu. Pamafunika malo opanda munthu komanso intavyu, ndipo alipo amene anabwerako ndi mapepala apamwamba n'kupitiriza kulandira malipiro akale kwa zaka. Chomaliza, musanalipire tambala, tsimikizani kuti maphunzirowo ndi ovomerezeka ku khonsolo ya anamwino ndi azamba, pakuti popanda kulembedwa kumeneko pepalalo ndi lokongoletsera khoma.

Ngati akana tchuthi chaka chino pa chifukwa chomveka, ndingavomereze kudikira kamodzi kokha, ndipo zinthu ziwiri zikhale m'manja mwanu: kalata ya sukulu yosunga malo anu mpaka chaka chamawa, ndi kalata ya olemba ntchito yotchula mwezi womwe adzakumasuleni. Kudikira kokhala ndi makalata awiriwa kwasanduka kudzimana kwa tsogolo, chifukwa tsopano kuli ndi tsiku. Popanda makalatawa mukungoperekanso chaka china kwa rosita.

Nanga maitanidwe enieniwo ali pati? Ndikukhulupirira kuti muli nawo, koma mwina ndi ochepa msinkhu kuposa momwe ainchaji akuwatambasulira, ndipo ndi olimba kuposa momwe inu mukuopera. Yesani kuwaloza ndi chala. Pa sabata yatha, ndi nthawi ziti zomwe munaiwala kuyang'ana wotchi? Kwa azamba ambiri si ntchito yonse. Si kuwerengera mankhwala, si kulemba malipoti a mwezi, si kukolopa wodi wothandizira akadwala. Ndi nthawi ija mwana wabadwa osalira, inu n'kumupukuta, n'kumupopera mpweya mpaka atalira. Kapena ndi kukhala pansi ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri wa mimba yoyamba amene akunjenjemera. Mukaloza chimenecho, dzifunseni ngati chimapezeka pa chipatala chanu chokha. Ku Bwaila amayi amabereka usana ndi usiku. Ku Area 25 ndi ku Kawale amabereka. Maitanidwe anu ndi a kwa mayi ndi mwana, ndipo adzakutsatirani pa basi. Chimene sichingakutsatireni ndi chikondi chanu pa anthu a m'dera limenelo, agogo amene amakudziwani dzina, ana amene munawalandira ndipo tsopano ali ku sitandade 1. Chimenecho ndi chenicheni ndipo chimapweteka kuchisiya, koma chitchuleni ndi dzina lake kuti muchiyeze bwino.

Maitanidwe amasiyana ndi ziwiri zija chifukwa sabweza ndi ndalama kapena pepala, ndipo ndi okhawo amene angakupempheni chinthu chomwe simudzachionanso. Mphotho ya usiku womwe munakhala ndi mayi uja ndi yakuti mayiyo ali moyo. Pachifukwa chomwecho, malire ake simungawapeze pa kontirakiti. Ndimawaona pawiri.

Malire oyamba ali pa wodwala yemweyo. Mukudziwa kuti pa patogirafu, pepala lolembapo momwe kubereka kukuyendera, mtima wa mwana umamveredwa mphindi 30 zilizonse, njira imayezedwa maola anayi alionse, ndipo mwana akangobadwa mayi amabayidwa okisitosini, mankhwala oteteza kutaya magazi, mkati mwa mphindi imodzi. Zonsezi zimafuna munthu amene maso ake ali tcheru. Mzamba amene wagona maola atatu pa masiku awiri amayamba ndi kudumpha kumvera kumodzi, kenako kuwiri, kenako amadzaza patogirafu yonse mwana atabadwa kale, ndi manambala ooneka bwino. Amayang'ana nsalu yonyowa n'kunena kuti ndi magazi a masiku onse, pomwe adutsa kale theka la lita. Amayamba kukalipira mayi wobuula, chinthu chomwe chaka chake choyamba ankadana nacho akachiona kwa ena. Ngati mwadzipeza mukuchita chimodzi mwa izi, musadzitche munthu woipa, koma dziwani kuti kudzimana kwanu kwayamba kulipiridwa ndi amayi omwe mukuti mukuwapiririra. Ndipo tsiku lomwe zidzalakwike, pa kafukufuku wa imfa ya mayi adzatsegula fayilo n'kuona siginecha yanu. Ku khonsolo amaitana mwini chiphaso, ndipo kutopa kosalembedwa paliponse n'kovuta kukuikira umboni. Tulo tanu, msana wanu ndi chiphaso chanu zili ngati chimanga cha mbewu: njala ingavute bwanji, mukachikazinga ndiye kuti mwadya ndi zokolola za chaka chamawa zomwe.

Malire achiwiri ali kunyumba. Munthu ali ndi ufulu wopereka chake, koma gawo lina la zomwe mukupereka ndi la anthu ena. Ana anu sanaitanidwe ku unamwino. Bambo awo anavomera kuti mukhale kutali, koma anavomera zaka zingati? Mabanja ambiri a anamwino, aphunzitsi ndi apolisi amakhala pawiri ndipo amalimba, choncho sindikukuopsezani. Chomwe ndaona n'chakuti amalimba pamene onse awiri akudziwa chaka chomwe zidzathe, ndipo amaphwasuka pang'onopang'ono pamene mmodzi amangomva kuti "tione chaka chamawa". Ulendo wotsatira mukapita ku Lilongwe, khalani pansi ndi ziwerengero zija ndi kalendala, muwafunse mosazungulira kuti pa njira zomwe zilipo angathe kunyamula iti. Mwina adzakudabwitsani ponena kuti zaka ziwiri za sukulu n'zopepuka kwa iwo kuposa chaka chimodzi chosadziwika mathero ake. Ngati mwana wamkulu akuyandikira mayeso a sitandade 8, ikaninso chimenecho pa kalendalapo, chifukwa chaka chimenecho sichibwerezedwa mwakufuna kwa rosita.

Mawu akuti mukachoka amayi avutika musawataye, chifukwa ali ndi choonadi. Mukachoka mawa m'mawa osatsanzika, mnzanu adzatsala yekha ndipo mwina chipinda chochirira chidzatsekedwa usiku. Apa ndi pomwe maitanidwe ali ndi mawu pa nkhani ya sukuluyi, ndipo amalamulira kachokedwe kanu. Lamulo limafuna kuti wolandira malipiro pa mwezi apereke chidziwitso cha mwezi umodzi, koma inu, podziwa momwe kulemba anthu kumachedwera, adziwitseni lero ngakhale sukulu ikutsegulira miyezi inayi kapena isanu kutsogoloku. Lembani mndandanda wa amayi a sikelo amene ali pa chiopsezo, amene anachitidwapo opaleshoni, a kuthamanga kwa magazi, a mapasa, ndipo mukonzeretu kuti adzapite kukadikirira ku chipatala chachikulu nthawi isanakwane. Wobwera m'malo mwanu mumuyendetse m'zonse. Musadzasiye shifiti pakati kapena kuchoka osapereka malipoti kwa wolandira, ngakhale mutakwiya chotani ndi lokamu, pakuti pamenepo mlandu umatembenukira inu ndipo wovulala ndi wodwala. Koma kupeza mzamba wachitatu ndi wachinayi ndi udindo wa oyendetsa chipatala ndi ofesi ya zaumoyo. Anzanu awiri atachoka dzenjelo linali lawo, ndipo silinasanduke lanu chifukwa chakuti inu ndinu amene munatsala.

Ndikanakhala pamalo panu ndikanapita ku sukulu, ndipo ndikanalimbana kuti ndipite ndi tchuthi cholipidwa. Kusiya ntchito ndikanakusunga ngati njira yomaliza, pokhapokha atakana molemba kawiri ndipo bambo akunyumba atavomera kunyamula nyumba okha zaka ziwiri. Pakali pano ndikanaika malire pa rosita, ndipo ndikanawanena masana, sabata isanayambe, osati pa ola lomwe akufuna munthu. Ainchaji anu nawonso ndi munthu wopanikizika, mwina amagona mochepa kuposa inu, ndiye musawayandikire ngati mdani. Mungawauze chonchi: "Amayi, pakagwa zadzidzidzi mundiitane nthawi iliyonse, ndibwera. Koma usiku wotsatizana sindingapitirire utatu popanda tsiku lopuma, chifukwa ndayamba kuopa kulakwitsa. Tiyeni tilembere limodzi kalata ku ofesi kuti atibwerekeko munthu wa lokamu kuchokera kwina." Mukatero simunakane odwala, ndipo mwawapatsa ainchajiwo chida chomwe analibe, chifukwa kalata yonena kuti azamba awiri sangathenso kutseka mausiku onse a mwezi imalemera ku ofesi kuposa dandaulo la pa foni.

Akakuyankhani kuti palibe munthu wobwereka, pemphani kuti chigamulo cha mausiku otsalawo chichokere kwa iwo molemba: kaya amayi oyamba matenda usiku umenewo azitumizidwa ku chipatala china, kaya inu muzikhala kunyumba n'kumaitanidwa pakafika wodwala m'malo mochezera m'wodi, ndipo tsiku lotsatira muzipuma. Njira yachiwiriyi imagwira bwino pamene nyumba yanu ili pafupi ndi chipatala ndipo pali mlonda kapena wothandizira wodalirika wokudzutsani. Ikayamba, muzilembabe m'kope lija nthawi iliyonse yomwe mwaitanidwa ndi maola omwe mwakhala, chifukwa pakatha miyezi iwiri kapena itatu ziwerengero zimenezo ndi zomwe zidzasonyeze ngati chipatalacho chikufunika azamba atatu kapena anayi.